Kusungitsa Munda kwa Mchimwene: Mafunso ndi Mayankho pa Kalata ya Mwana Wamkazi Wogwira Ntchito Kunja

Kwa zaka zambiri Amalawi amene ankapita kukagwira ntchito kunja anali amuna, makamaka amene ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ndipo minda inkatsala m'manja mwa akazi awo ndi alongo awo. Masiku ano akazi nawonso amachoka, ena kukagwira ntchito za m'nyumba ndi za m'masitolo ku South Africa, ena kukagwira ntchito ya unamwino ku Mangalande, motero munda umene mwana wamkazi anasiyiridwa ndi makolo umafuna munthu wousunga. Nthawi zambiri pempholi limapita kwa mchimwene wake, ndipo limafika ngati kalata ya pamanja kapena uthenga wa pa foni. Mayankho otsatirawa akufotokoza zimene kalata yotere ingachite ndi zimene singachite, potengera mwambo wa m'midzi ya m'chigawo chapakati ndi chakummwera pamodzi ndi malamulo a dziko la Malawi.

Kodi kalatayi imapempha chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani imapita kwa mchimwene?

Kalatayi siipereka munda kwa mchimwene ndipo siimugulitsa. Imamupempha kuti akhale maso ndi manja a mlongo wake pa malowo kufikira mwiniyo atabwera kapena atanena zina. Mchimwene amaloledwa kulima ndi kudya za m'mundamo, koma umwini umatsala kwa amene anachoka, ndipo kusiyana kwa zinthu ziwirizi ndiko kumavuta kusunga pakapita zaka.

Chifukwa chimene pempholi limalunjikira kwa mchimwene chili m'kamangidwe ka banja pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, amene amawerengera mtundu kuchokera kwa mayi. Akazi a mimba imodzi pamodzi ndi ana awo amatchedwa mbumba, ndipo mlongo wawo wamwamuna, kawirikawiri wamkulu, ndiye mwini mbumba, kutanthauza woyang'anira ndi wolankhulira mbumbayo pa maukwati, pa maliro ndi pa milandu ya kubwalo. Kwa ana a alongo ake iye ndi malume kapena atsibweni. Udindo umenewu ndi wa ulonda, chifukwa m'dongosolo la chikamwini, momwe mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, mchimweneyo amayembekezeka kulima munda wa mkazi wake kumene anakwatira, pamene minda ya kwawo imatsala ndi alongo ake. Kafukufuku amene Pauline Peters anachita kwa zaka zambiri m'boma la Zomba anaonetsa kuti m'midzi yambiri ya kumeneko ana aakazi ndiwo amalowa m'minda ya amayi awo, ndipo ana aamuna akalimamo amaonedwa ngati obwereka. Choncho mwana wamkazi akalembera mchimwene wake sakuyambitsa chinthu chachilendo, koma akumukumbutsa ntchito imene mwambo unamupatsa kale. Vuto ndi lakuti mwambo unakonza ulondawu poganiza kuti mwini munda ali pafupi ndipo akuona zochitika tsiku ndi tsiku, pamene iye tsopano ali kutali ndipo angathe zaka asanaponde pamudzi.

Kodi mundawo ndi wa mwana wamkaziyo payekha, kapena ndi wa banja lonse?

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa kalata isanalembedwe, chifukwa munthu sangasungitse chinthu chimene sichinafike m'manja mwake. Malo ambiri a m'midzi ndi malo a makolo, amene mfumu inapereka kwa banja kalekale ndipo banjalo limagawana lokha m'mibadwo yotsatizana. Mayi akamwalira, munda wake sukhala wa mwana aliyense mwa dzina kufikira akuluakulu a banja atakhala pansi ndi kugawa, ndipo ngati msonkhano umenewu sunachitike, zimene mwana wamkazi ali nazo ndi chiyembekezo cha gawo, osati munda wodziwika malire ake. Kalata yolembedwa zinthu zili choncho imakwiyitsa abale ena, chifukwa imaoneka ngati anthu awiri agwirizana mseri kudzigawira malo a onse. Njira yoyenera pamenepa ndi kupempha kaye kuti malume aitanitse banja, kugawa kuchitike mfumu ikudziwa, ndipo kusungitsa kubwere pambuyo pake.

Kumene mtundu umawerengedwa kuchokera kwa bambo, monga pakati pa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena, nkhaniyi imakhala yolemera mwa njira ina, popeza mwambo umapereka minda kwa ana aamuna ndipo mwana wamkazi wolowoledwa amaonedwa kuti kwawo ndi kwa mwamuna wake. Kumeneko mchimwene angayankhe kalatayo ponena kuti palibe choti asunge chifukwa malowo ndi ake kale. Ngakhale m'midzi ya Achewa, chitengwa, chimene ndi ukwati wotengera mkazi kwawo kwa mwamuna, chafala kwambiri m'maboma ngati Lilongwe ndi Kasungu, ndipo ana aamuna ambiri akulima minda ya kwawo ngati yawo.

Malamulo olembedwa amaima ku mbali ya kufanana. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 amaletsa tsankho lotengera kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo gawo 24 limapatsa akazi ufulu wokhala ndi chuma paokha kapena pamodzi ndi ena, kaya ali pabanja kaya ayi. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, limene linalowa m'malo mwa la mu 1967, limaika mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo pamodzi ndi ana patsogolo pogawa chuma cha munthu amene sanasiye wilo, ndiponso limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Komabe pa malo a makolo amene sanalembedwe m'kaundula, bwalo loyamba kumva nkhani ndi la mfumu, ndipo kumeneko mawu a akuluakulu amene analipo pogawa amalemera kuposa ndime ya lamulo imene munthu angatchule pa foni ali ku Cape Town.

Bwanji osangousiya mundawo ugone mpaka mwini atabwera?

Munda wogona, umene umatchedwa tsala, unali chinthu chozolowereka pamene malo anali ambiri, koma m'maboma odzaza anthu monga Zomba, Chiradzulu, Mulanje ndi Thyolo, tsala la zaka zingapo limakopa maso a aliyense wosowa polima. Mwambo umalola mfumu kupereka kwa munthu wina malo amene aoneka kuti eni ake anawataya, ndipo mbiri ya matchona, anthu amene anapita kunja osabwereranso ndiponso osatumiza mawu, inaphunzitsa midzi kuti wochoka sadikiridwa mpaka kale.

Ngozi ina imabwera pang'onopang'ono kuchokera kwa oyandikana nawo. Mizere ya chimanga imatalikirana masentimita 75 mpaka 90, ndipo mnansi amene amawonjezera mzere umodzi chaka chilichonse amakhala atalowa mpaka mamita 9 pakatha zaka 10. Ngati malirewo ndi aatali mamita 60, malo odyedwa mwa njira imeneyi angapose gawo limodzi mwa magawo 8 a ekala, ndipo palibe tsiku limene munthu angaloze kuti kuba kunachitika. Munda umene ukulimidwa chaka ndi chaka umateteza malire ake okha, n'chifukwa chake kusungitsa kumaposa kusiya.

Kodi kalata yolembedwa bwino imanena zinthu ziti?

Yankho limaoneka bwino pa chitsanzo chongoyerekezera. M'mudzi wina wa m'boma la Zomba mayi wamwalira ndipo wasiya ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, pamodzi ndi munda wa kumtunda wa maekala 3 ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje. Maliro atatha, malume anagawa mundawo pakati kuti mwana wamkazi aliyense atenge ekala imodzi ndi theka, ndipo dimba linasiyidwa kuti likhale la onse awiri. Wamkulu mwa aakaziwo amagwira ntchito ku Cape Town ndipo anasiya mwana wake wa sukulu m'manja mwa mng'ono wake, pamene mchimwene wawo ali pa chikamwini m'mudzi woyandikana nawo, komwe munda wa mkazi wake ndi wochepa. Mng'onoyo sangathe kulima mbali zonse ziwiri, motero wamkuluyo alembera mchimwene wake.

Chinthu choyamba chimene kalatayo iyenera kuchita ndi kuloza malowo mwa njira yakuti munthu amene sanawaonepo angawapeze. Mawu akuti munda wa mayi sakwanira, chifukwa munda wa mayi tsopano uli ndi eni awiri. Wolembayo anene kuti ndi mbali ya kum'mawa, kuyambira pa chulu mpaka pa mtengo wa mango, kumene kumpoto kuli njira ya kuchigayo ndipo kummwera kuli mzere wa khonje, ndipo atchule eni minda yoyandikana nayo. Anenenso kuti gawolo analipeza bwanji, anagawa ndani, chaka chiti ndiponso pamaso pa ndani. Dimba alitchule padera ponena kuti silili m'pempholi, chifukwa iye yekha alibe mphamvu yolisungitsa mng'ono wake asanavomere.

Chachiwiri ndi malire a zimene wosunga angachite, ndipo apa mpamene makalata ambiri amalephera chifukwa cha manyazi. Mlongo amaopa kuti kutchula zoletsedwa kukhala ngati kukayikira mchimwene wake, motero amangolemba kuti asamale malowo ngati ake, ndipo pakapita zaka mawu omwewo amawerengedwa pabwalo ngati umboni wakuti anamupatsiratu. Nkhaniyi ingathe kulembedwa mwaulemu koma momveka, mwachitsanzo motere: "Achimwene, ndikupempha kuti mundisungire munda umene anandigawira amalume. Limanimo chimanga, nandolo ndi mtedza monga mungathere, koma musamangemo nyumba, musadzalemo mitengo, ndiponso musaubwereketse kapena kuupereka chikole kwa munthu wina ndisanavomere." Kusiyanitsa mbewu za chaka chimodzi ndi mitengo kuli ndi chifukwa chake. Chimanga chikakololedwa munda umabwerera mwakale, pamene bulugamu, mango kapena nthochi zimakhala zaka zambiri ndipo m'midzi zimawerengedwa ngati chizindikiro chakuti wodzalayo ali ndi gawo pa nthakayo. Nyumba ya njerwa zootcha imaposa apo, chifukwa mfumu iliyonse imazengereza kulamula kuti munthu agwetse nyumba imene muli ana. Ngati mitengo ikufunika pa malire, kalatayo inene kuti ikudzalidwa m'dzina la mwini munda ndiponso ndi ndalama zake.

Chachitatu ndi nthawi. Kusungitsa kopanda mapeto kumasanduka kupatsa m'maganizo a anthu, choncho ndi bwino kunena kuti mgwirizanowo ndi wa zaka 3, ndipo udzakambidwanso zaka zimenezi zikatha. Kalatayo inenenso kuti mwiniyo akafuna kubweza munda wake adzanena zokolola zisanachotsedwe ndipo adzaulandira zitachotsedwa, kuti mchimwene asataye feteleza ndi thukuta la chaka chimenecho. Mfundo imeneyi imateteza wosunga, ndipo kalata imene imateteza mbali imodzi yokha siikhalitsa.

Nanga wosungayo amapindula chiyani, ndipo za ndalama zilembedwe bwanji?

Kusunga munda ndi ntchito, ndipo mlongo amene amaiwala zimenezi amadzipangira yekha mlandu wa mtsogolo. Mchimwene amene walima, kupalira, kuthira manyowa ndi kukangana ndi anansi pa malire kwa zaka 10 popanda chodziwika chimene akupeza, amayamba kuona kuti mundawo anaugula ndi thukuta lake, ndipo anthu ambiri a m'mudzi angamumvere chisoni. N'chifukwa chake phindu lake liyenera kutchulidwa poyera kuyambira pachiyambi.

Pa chitsanzo cha ku Zomba chija, tiyerekeze kuti ekala imodzi ndi theka imatulutsa matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50 m'chaka cha mvula yabwino. Mlongoyo angalonjeze kutumiza ndalama za mbewu ndi feteleza, mchimwene n'kupereka ntchito ya manja, ndipo pokolola gawo limodzi mwa magawo 4 lipite kunyumba kumene kukuleredwa mwana wa mwini munda. M'chaka chabwino amenewa ndi matumba 5 ndipo mchimwene atsala ndi 15, pamene m'chaka cha chilala chimene munda watulutsa matumba 8 okha, iye apereka 2 n'kutsala ndi 6. Kugawana mwa magawo kumaposa kutchula chiwerengero chokhazikika cha matumba, chifukwa matumba 5 olonjezedwa m'chaka cha chilala amasanduka ngongole imene imawononga chibale. Kumaposanso kutchula lendi ya makwacha, popeza mphamvu ya ndalama imasintha, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo umene unali wachilungamo polemba kalata umakhala wopanda tanthauzo pakapita zaka ziwiri.

Gawo laling'ono limene limaperekedwa chaka ndi chakali lili ndi ntchito ina yoposa chakudya. Nthawi iliyonse imene matumba achoka kwa mchimwene kupita kunyumba ya mng'ono wawo, mudzi wonse umaona ndi kukumbukira kuti wolimayo si mwini munda. Ndalama zotumizidwa kudzera ku Mukuru, Airtel Money kapena Mpamba nazonso zimasiya umboni, koma pokhapokha wotumizayo atalemba uthenga wonena ntchito yake, chifukwa ndalama ya feteleza imene sinalembedwe siisiyana ndi mphatso ya Khirisimasi.

Kodi kalata ya pamanja kapena uthenga wa pa foni uli ndi mphamvu pamaso pa mfumu ndi khoti?

Kalata payokha siipanga umwini, koma ndi umboni wa chinthu chimodzi chofunika kwambiri, chakuti mchimwene analowa m'mundamo mololedwa. Pa malo olembedwa m'kaundula wa boma, lamulo limalola munthu amene wakhala pa malo a wina poyera, mwamtendere, mosadukiza ndiponso popanda chilolezo kwa zaka 12 kupempha kuti malowo akhale ake, ndipo mawu akuti popanda chilolezo ndiwo amene kalata imatseka. Njira imeneyi siigwira ntchito pa malo a makolo, komabe pabwalo la mfumu kukhalitsa pamunda kumamveka ngati mfundo yamphamvu, ndipo pepala loonetsa mmene kukhalako kunayambira limasintha mlandu wonse.

Mphamvu ya kalatayo imadalira amene anaimva. Kalata imene ili m'sutikesi ya mchimwene yekha ingatayike kapena kudyedwa ndi chiswe pa nthawi imene ikufunika, motero iyenera kuwerengedwa pamaso pa malume, mng'ono uja, mkazi wa mchimwene ndi nyakwawa, amene ndi mfumu ya mudziwo. Mkazi wa mchimwene asaiwalidwe, chifukwa iye ndi ana ake ndiwo adzatsala akulima mundawo mwamuna akadzamwalira. Mchimwene alembe pansi pake kuti wavomera, asayine kapena adinde chala, mboni ziwiri zisayine, ndipo mfumu idinde chidindo chake n'kulemba nkhaniyo m'buku la mudzi ngati ili nalo. Pepalalo lijambulidwe pa foni ndipo aliyense wokhudzidwa akhale ndi lake. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp umathandiza ngati chowonjezera, koma umatayika foni ikabedwa kapena nambala ikasintha, ndipo anthu ogwira ntchito kunja amasintha manambala kawirikawiri.

Ngati malowo ali ndi lizi kapena chikalata china cha umwini chochokera ku unduna wa za malo, kalata wamba siikwanira kuti mchimwene asayinire mlongo wake chilichonse. Pamafunika chikalata chopereka mphamvu kwa woimirira, chimene mwiniyo amasayina pamaso pa loya wololedwa kutsimikizira zikalata kapena ku ofesi ya kazembe wa dziko la Malawi, monga ya ku Pretoria. Chikalata chimenechi chilembedwe mopanikiza, chotchula ntchito zimene woimirira angachite monga kulipira msonkho wa malo ndi kuyankha pa mikangano ya malire, ndipo chinene mosabisa kuti sichikupereka mphamvu yogulitsa kapena yokongolera ndalama kubanki. Chikalata chopereka mphamvu zonse popanda malire ndi choopsa kuposa kusalemba chilichonse.

Kalembera wa malo akafika m'mudzi mwini ali kunja, dzina la ndani lilembedwe?

Apa ndi pamene minda yambiri yosungitsidwa ingasinthe mwini popanda aliyense kuba, ndipo mbiri ya dziko lino ili ndi zitsanzo ziwiri zochenjeza. Potsatira malamulo a malo a mu 1967, boma linalemba m'kaundula minda ya kumadzulo kwa boma la Lilongwe mwa dongosolo lotchedwa ndunda, momwe malo a banja lonse ankalembedwa m'dzina la mtsogoleri mmodzi woimira banjalo. Cholinga chinali chakuti iye asungire onse, koma pepala linkaonetsa dzina limodzi, ndipo mibadwo yotsatira inapeza kuti n'kovuta kutsutsa dzina lolembedwa ndi mawu a pakamwa. Chitsanzo chachiwiri ndi cha m'zaka za m'ma 1980, pamene fodya wa bale ankaloledwa kulimidwa pa maesiteti pokha, ndipo mabanja ambiri anaphatikiza minda yawo n'kutenga lizi m'dzina la wachibale mmodzi kuti apeze chilolezo cholima fodyayo. Lamulo la fodya linasintha, koma lizi inatsala m'dzina lomwelo.

Lamulo la malo a makolo la mu 2016 linabweretsa njira yakuti munthu, banja kapena gulu lilembetse malo ake a m'mudzi n'kulandira chikalata cha umwini wosatha, umene ungasiyidwe kwa ana kapena kulembedwa mu wilo. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi komiti ya malo ya m'dera la gulupu, imene wapampando wake ndi gulupuyo ndipo ili ndi anthu ena 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, mwa iwo osachepera 3 akhale akazi, pamodzi ndi mlembi wa za malo wochokera ku khonsolo. Kalemberayu anayesedwa koyamba m'madera ena a maboma a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Oyeza malo akafika amayenda m'malire pamodzi ndi anthu amene awapeza, ndipo munthu amene amapezeka ataima m'mundamo ndi khasu ndi wosunga, osati mwini. Ngati kalata sinanene kanthu pa nkhaniyi, mchimwene angalembetse dzina lake ndi mtima wabwino, poganiza kuti akuteteza malowo kwa anthu akunja kwa banja, ndipo kuchokera tsiku limenelo mlongo wake amakhala wopempha pa munda wake womwe.

Choncho kalatayo ilamule kuti kalembera akafika, dzina lolembedwa likhale la mwini munda, ndipo mwiniyo asiye chithunzi cha chiphaso chake cha unzika kwa munthu wodalirika kuti chigwiritsidwe ntchito pa tsikulo. Ngati banja lasankha kulembetsa malo onse pamodzi, mayina a eni onse aoneke pa chikalatacho, osati la woimira yekha. Zotsatira za kalembera zimaikidwa poyera kuti anthu aone ndi kudandaula zikalata zisanatuluke, ndipo mng'ono kapena malume apatsidwe ntchito yokawerenga mndandandawo, chifukwa kukonza dzina pa nthawi imeneyi n'kosavuta poyerekeza ndi kulisintha chikalata chitatuluka.

Nkhani ya unzika imalowanso apa, popeza malamulo a malo amachepetsa kwambiri ufulu wa anthu amene si nzika. Nyumba ya malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018, motero mwana wamkazi amene watenga unzika wa dziko limene akugwirako ntchito ayenera kuonetsetsa kuti unzika wake wa Malawi uli m'malo mwake asanalembetse malo.

Kodi munthu ali kutali angadziwe bwanji kuti zinthu zayamba kupotoka?

Zizindikiro zake zimaoneka nkhani isanafike pogulitsa. Gawo la zokolola likasiya kufika kwa zaka ziwiri zotsatizana pamene minda yoyandikana nayo yabereka, kapena zithunzi za munda zikayamba kubwera zosaonetsa malire, mwini ayenera kufunsa. Uvuni wa njerwa m'mphepete mwa munda, mbande za bulugamu, munthu wachilendo amene akulima mbali ina ya mundawo, ndiponso pempho ladzidzidzi lakuti mwini atumize chiphaso chake kapena asayine pepala limene sanaliwerenge, zonsezi zimafuna kufufuzidwa. Choopsa kwambiri ndi pinyolo, pamene wosunga amapereka munda kwa wobwereketsa ndalama kuti aziulima mpaka ngongole itabwezedwa, chifukwa ngongole zotere zimayamba pa vuto lenileni monga matenda kapena maliro, ndipo zikakhalitsa wobwereketsayo amanena kuti anagula.

Njira yodziwira zinthu msanga ndi kusadalira munthu mmodzi pa nkhani zonse. Wolima akhale mchimwene, koma wotumiza zithunzi za ngodya zinayi za munda pa nthawi yodzala ndi yokolola akhale wina, ndipo mwini munda aziimbira foni nyakwawa kamodzi pa chaka kuti dzina lake lisazimiririke m'mudzi. Kupereka chopepesa pa maliro ndi kusonkha nawo pa ntchito za chitukuko cha mudzi kumawerengedwanso, chifukwa pabwalo funso lakuti munthuyo akadali wa m'mudzi muno limayankhidwa ndi zinthu zotere.

Mchimwene akamwalira kapena akakana kubweza munda, nkhani imayenda bwanji?

Imfa ya wosunga ndiyo imayesa kalata koposa kusakhulupirika kwake, popeza achimwene ambiri amasunga mawu awo, koma ana awo amene anabadwa akuona bambo akulima mundawo sadziwa za mgwirizano umene unachitika iwo ali aang'ono. Chuma cha womwalirayo chikamawerengedwa, munda wosungitsidwa ungalowe m'gulu la zinthu zake, ndipo azakhali akabwera kudzautenga amaoneka ngati wolanda chuma cha masiye. N'chifukwa chake kalata iyenera kunena kuti kusungako n'kwa mchimweneyo payekha ndipo kumatha iye akamwalira, komanso kuti mkazi wake ndi ana adzaloledwa kukolola mbewu zimene zili m'munda chaka chimenecho. Mwini munda anene nkhaniyi pa msonkhano wa banja wa pambuyo pa maliro, yekha kapena kudzera mwa malume, ndipo ngati akufuna kuti ana a mchimwene apitirize kulima, alembe kalata yatsopano m'dzina lawo. Imfa ya mwini munda ali kunja imafunanso kukonzekera komweko, ndipo wilo yolembedwa, yosayinidwa pamaso pa mboni ziwiri, yotchula mundawo ndi ana oyenera kuulandira, imathandiza kuti wosunga adziwe woti amubwezere.

Mkangano ukabuka, umayamba kukambidwa m'banja pamaso pa malume ndi akuluakulu ena, kenako umapita kwa nyakwawa, kwa gulupu ndi kwa mfumu yaikulu. Lamulo la mu 2016 linakhazikitsa mabwalo a milandu ya malo a makolo m'magawo atatu, kuyambira bwalo la m'dera la mfumu yaikulu limene mfumuyo ndi wapampando wake, kenako bwalo la paboma, ndipo pamwamba pake bungwe la dziko lonse lomva madandaulo a za malo. Pa malo olembedwa m'kaundula, munthu amene akuopa kuti malo ake agulitsidwa angapemphe ku ofesi ya kaundula wa malo kuti alembe chenjezo, limene limaimitsa kusintha kwa umwini kufikira nkhaniyo itamveka. Pabwalo lililonse mwa amenewa, mwini munda adzafunsidwa kuti anagawiridwa ndi ndani, anasungitsa liti, analipo ndani, ndiponso anachita chiyani chaka chimene anamva koyamba kuti mgwirizano waphwanyidwa. Funso lomalizali limagwetsa anthu ambiri okhala kunja, chifukwa amadikira tchuthi chotsatira kuti akalankhule pamaso, pamene uthenga wolembedwa wopita kwa mchimwene ndi kwa nyakwawa m'sabata yomweyo ukanaonetsa bwalo kuti mwiniyo sanavomereze nyumbayo kapena pinyoloyo.